Chinsinsi Chokhala ndi Malire: Kulemba Fomu ya Chilolezo pa Kafukufuku wa Achinyamata Oganiza Zodzipha

Pa mafomu ambiri a kafukufuku wa zaumoyo pali chiganizo chimodzi chimene olemba amangochikopera kuchokera pa fomu yakale osaima n'komwe: "Zonse zimene mutiuze zikhala zachinsinsi, palibe wina amene adzazidziwe." Ngati kafukufukuyo ndi wofunsa ngati anthu amagona m'masikito, chiganizochi chilibe mlandu. Koma mafunso akakhala a maganizo ofuna kudzipha, ndipo woyankhayo ndi mtsikana wa zaka 15, mawu omwewo amasanduka bodza. Wofufuza sangamve mwana akunena kuti wakonza zodzichotsa moyo sabata ino, iye n'kungolemba yankholo, kutseka faelo, n'kuitana wotsatira. Ayenera kuuza munthu wina. Ndiye ngati analonjeza kuti sadzauza aliyense, wamupusitsa mwanayo pa nthawi imene mwanayo anamukhulupirira kwambiri.

Ntchito yaikulu yolemba fomu ya kafukufuku wotereyu yagona pamenepa: kunena malire a chinsinsi poyera, mafunso asanayambe, m'mawu amene mwana ndi kholo lake angamve chimodzimodzi.

Mafomuwo amakhala awiri, ndipo pali chifukwa chake. Gawo 19 la Malamulo Oyendetsera Dziko la Malawi limaletsa kuchita kafukufuku wa zachipatala kapena wa sayansi pa munthu popanda chilolezo chake. Kuyambira mu 2017, malamulo omwewa amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Choncho chilolezo chovomerezeka ndi lamulo chimachokera kwa kholo kapena womulera, ndipo iyi ndi fomu yoyamba. Yachiwiri ndi ya mwanayo, yosonyeza kuti iye mwini wamva ndipo wafuna. Malangizo a padziko lonse, monga Chikalata cha Helsinki chimene chinalembedwa koyamba mu 1964 ndi malangizo a bungwe la CIOMS a mu 2016, amagwirizana pa mfundo imeneyi: kholo likavomera koma mwana n'kukana, pa kafukufuku wa mafunso ngati uyu kukana kwa mwanayo ndiko kumamveka. Malamulo a kafukufuku a ku America amawonjezera kuti kungokhala chete si kuvomera. Mawu amenewa ngakhale analembedwa kutali, amagwira kwambiri kuno, kumene mwana woleredwa bwino amaphunzitsidwa kuyang'ana pansi n'kuyankha "eya" wamkulu akamalankhula. Mwana atha kusaina chabe chifukwa wopereka cholemberayo wavala yunifomu yoyera ndipo agogo ake ali pambali pomwepo.

Ena amafunsa ngati n'koyenera n'komwe kufunsa ana za kudzipha. Makolo ambiri amaopa kuti kutchula nkhaniyi n'kuyika maganizowo m'mutu mwa mwana. Funsoli linayesedwa. Madelyn Gould ndi anzake anachita kafukufuku pa ophunzira 2,342 a zaka 13 mpaka 19 m'masukulu asanu ndi imodzi a sekondale m'chigawo cha New York, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2005 m'magazini ya zachipatala ya JAMA. Makalasi anagawidwa mwamaere: ena anafunsidwa za kudzipha tsiku loyamba, ena ayi. Patapita masiku awiri onse anafunsidwanso. Amene anafunsidwa za kudzipha sanapezeke ovutika mumtima kuposa anzawo, ndipo maganizo ofuna kudzipha sanawonjezeke. Mu 2014 akatswiri a ku King's College London anaunikanso kafukufuku wosiyanasiyana pa funso lomweli n'kupeza zofanana. N'chifukwa chake fomu ya kholo itha kunena mosazengereza kuti kufunsa sikuyambitsa maganizowa. Koma isapitirire mpaka kunena kuti palibe chovuta chilichonse, poti mafunso ena amadzutsadi chisoni, ndipo mwana atha kulira pakati pa kucheza. Zimenezo zilembedwe.

Tiyerekeze tsopano kuti gulu la ofufuza likufuna kucheza ndi achinyamata a zaka 13 mpaka 17 amene anauzapo namwino pa chipatala cha boma kuti nthawi zina amaganiza zodzipha. Cholinga n'kumva chimene chimawathandiza ndi chimene chimawalepheretsa kupeza thandizo. Mmodzi mwa iwo ndi mtsikana wa zaka 15, wa Fomu 2. Amakhala ndi agogo ake aakazi, mayi ake ali ku Joni, bambo ake anakwatira kwina.

Vuto loyamba limabwera fomu isanawerengedwe n'komwe. Ngati ofufuza atumiza kalata kwa agogo yonena kuti mdzukulu wawo wasankhidwa chifukwa ali ndi maganizo ofuna kudzipha, kalatayo yaulula kale chinsinsi chimene mtsikanayo anauza namwino yekha. Choncho ndondomeko imayambira kwa mwana. Namwino amene amamudziwa kale ndiye amamutchulira za kafukufukuyo ali awiri, n'kumuuza kuti kuti alowe pafunika chilolezo cha wamkulu, ndipo wamkuluyo adzadziwa mutu wa kafukufukuyo. Akakana kuti kwawo adziwe, nkhani ya kafukufuku imathera pomwepo, koma chithandizo chake pa chipatalapo chimapitirira monga kale. Akavomera, ndipamene fomu ya kholo imatuluka m'chikwama.

Nanga kholo ndani? Pa pepala funsoli limaoneka losavuta. M'mudzi si choncho. Agogo ndiwo amamudyetsa, koma mwina sangasaine chinthu chachikulu chotere osafunsa mwini mbumba, amalume a mwanayo. Mayi ali kutali ndipo amapezeka pa foni Lamlungu lokha. Fomu yabwino imakhala ndi mzere wofunsa ubale wa wosainayo ndi mwanayo, ndipo ndondomeko ya kafukufuku imanena kale amene angasaine makolo enieni akakhala kulibe. Imapatsanso banja masiku angapo oti likambirane. Agogo ngati sadziwa kulemba, amawawerengera fomu yonse, iwo amadinda chala, ndipo pamakhala mboni yosakhala m'gulu la ofufuza imene imasaina kuti yamva zonse zikuwerengedwa.

Pali ana ena amene chimene chikuwapweteka ndi wa m'nyumba momwemo. Kupempha chilolezo kwa munthu amene amamenya mwanayo kapena kumugwirira n'kumuika pa moto. Pa zochitika zotere, malangizo a CIOMS amalola komiti yoona za ufulu wa olowa m'kafukufuku kuti ichotse lamulo la chilolezo cha kholo, bola pakhale njira ina yotetezera mwanayo. Mphamvu imeneyi ndi ya komiti, monga COMREC ya ku Kamuzu University of Health Sciences kapena NHSRC ya ku Unduna wa Zaumoyo. Wofufuza sangaganize yekha pa tsikulo kuti kholo ili tilidumphe.

Tsopano chiganizo chovuta chija. Pokonza koyamba, ofufuza ambiri amalemba motere: "Zimene mutiuze zikhala zachinsinsi pokhapokha ngati titaona kuti muli pa chiopsezo." Mawuwa ndi oona, koma sathandiza. Mtsikana wathu ali kale ndi maganizo ofuna kudzipha, n'chifukwa chake anaitanidwa. Kodi ndiye kuti chilichonse chimene anene chikafika kwa agogo? Akaganiza choncho, ayankha "ayi" pa funso lililonse, ofufuza adzalemba zabodza, ndipo mwana amene amafunikadi thandizo adzatuluka pakhomo osadziwika. Mwana wina angamve mwa mtundu wina, kuti "chiopsezo" ndi nkhani yakutali yosamukhudza, n'kudzadzidzimuka agogo ataitanidwa.

Kuti chiganizochi chilembeke bwino, ofufuza ayenera kuyamba agwirizana okha kuti mzere uli pati. Ambiri amagwiritsa ntchito mafunso achidule a C-SSRS, amene anakonzedwa ku yunivesite ya Columbia. Ndi asanu ndi limodzi, ndipo amakwera ngati makwerero. Loyamba limafunsa ngati munthu amalakalaka atafa kapena atagona osadzukanso. Lachiwiri limafunsa ngati waganizapo zodzipha. Kenaka amafunsa ngati waganizapo za njira yake, ngati ali ndi cholinga chochitadi zimenezo, ndi ngati wakonza dongosolo lake. Lomaliza limafunsa ngati anayesapo kale kapena kuyamba kukonzekera. Pa kagwiritsidwe ntchito kofala, yankho la "eya" pa funso lachinayi kapena lachisanu m'mwezi wapitawu, kapena pa lachisanu ndi chimodzi m'miyezi itatu yapitayi, limatanthauza ngozi yaikulu yofunika kuchitapo kanthu tsiku lomwelo. Mayankho a m'munsi mwake amafuna uphungu ndi kumuonanso mwanayo, koma sikuti nthawi zonse amafuna kuthamangira kwa kholo.

Mzere ukadziwika, fomu ya mwana itha kulankhula ngati munthu:

"Zimene utiuze sitikauza agogo, aphunzitsi kapena anzako. Ngakhale utatiuza kuti nthawi zina umalakalaka utafa, tikambirana nawe ndi kukuthandiza kuonana ndi mlangizi, ndipo mayankho ako sitipereka kwa wina. Koma pali zinthu zitatu zimene sitingasunge tokha: ukatiuza kuti ukufunadi kudzipha kapena wakonza kale mmene uchitire, ukatiuza kuti unayesa kudzipha m'miyezi itatu yapitayi, kapena ukatiuza kuti wina akukuchita nkhanza. Zikatero tidzayamba kuuza iweyo kuti tikufuna kuitana thandizo. Sitidzachita mobisa. Tidzakhala nawe mpaka uonane ndi namwino wa za maganizo tsiku lomwelo, ndipo tidzauza wamkulu mmodzi wokusamala zokhazo zimene zikufunika kuti ukhale wotetezeka."

Ndimeyi ndi yaitali kuposa ija yoyamba, koma mzere uliwonse ukuyankha funso limene mwana ali nalo mumtima: chiyani, ndani, liti, ndipo kodi ndidzadziwa? Pansi pake pamasiyidwa malo oti mwanayo alembe dzina la wamkulu amene angakonde kuti auzidwe. Mtsikana wathu mwina alemba azakhali ake, poganiza kuti agogo ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi ndipo nkhaniyi ingawagwetse. Fomu inene zoona apanso: ofufuza adzayesetsa kutsatira dzina limene wasankha, koma ngati azakhaliwo sakupezeka ndipo ngozi ndi yaikulu, adzauza amene alipo.

Mfundo ya nkhanza siikidwamo mwa kufuna kwa ofufuza okha. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la mu 2010 limapereka udindo kwa ogwira ntchito zachipatala ndi osamalira ana kuti azinena akaona kuti mwana akuzunzidwa. Palinso lamulo lina limene wolemba fomu kuno sangalilambalale. Gawo 229 la Penal Code lakhala likunena kwa zaka zambiri kuti kuyesa kudzipha ndi mlandu, ndipo akatswiri a zamaganizo akhala akupempha kuti lichotsedwe. Ana amamva nkhani za anthu otengeredwa kupolisi atapulumuka, choncho funso lakuti "kodi mukandineneza?" limakhalapo ngakhale mwanayo asalitulutse pakamwa. Ofufuza amakhala pansi ndi loya ndi komiti kuona mmene lamulo lilili pa nthawi yolembayo, kenaka amalemba momveka kuti munthu amene adzaitanidwe ndi wachipatala, ndiponso mmene mapepala okhala ndi mayina adzasungidwire padera ndi mayankho.

Fomu ya agogo imanena malire omwewo, koma kuchokera mbali inayo, ndipo apa m'pamene makolo ena amakwinya nkhope. "Simudzaona mayankho a mwana wanu, ndipo sitidzakuuzani zimene wanena. Tidzakudziwitsani inu kapena wamkulu wina womusamala pokhapokha ngati moyo wake uli pa ngozi yapafupi." Kholo litha kufunsa kuti, mwana ndi wanga, chilolezo ndapereka ndine, nanga mundibisira bwanji? Yankho lake likhale m'fomumo: mwana amene akudziwa kuti zonse zikafika kunyumba sanena zoona. Kholo limene silikugwirizana nazo lili ndi ufulu wokana, ndipo ndi bwino likane tsopano kusiyana n'kudzabwera mawa kudzafuna faelo. Cholakwika chimene chimapezeka kawirikawiri ndi chakuti mafomu awiriwa amalembedwa ndi anthu awiri osiyana, wina n'kulonjeza kholo kuti lidzauzidwa "vuto lililonse", wina n'kulonjeza mwana kuti kwawo sadzamva kanthu. Njira yogwirira cholakwikachi ndi yosavuta: kuika mafomu awiriwo pa tebulo limodzi n'kuwerenga ndime za chinsinsi motsatizana.

Mawu a Chichewa nawo ali ndi misampha yake. Mafomu ambiri amalembedwa m'Chingerezi kaye, kenaka amamasuliridwa, ndipo womasulira wamanyazi amafewetsa mawu. M'malo mwa "kudzipha" amalemba "kudzivulaza" kapena "maganizo oipa". Kudzivulaza kutha kukhala kudzitema ndi khasu kumunda, ndipo maganizo oipa kwa mwana wa kwaya atha kukhala a chibwenzi. Fomu itchule "kudzipha" mosabisa, koma ipewe mawu otchula njira yake, ngakhale ali ofala m'kulankhula kwa tsiku ndi tsiku. Mawu akuti "misala" asapezekemo, chifukwa agogo akangowamva adzapinda fomuyo. "Nkhawa", "kuganiza kwambiri" ndi "kusowa mtendere mumtima" ndi mawu amene anthu amalankhuladi. Palinso kankhani kakang'ono koma kovuta: mwana wa zaka 13 ukamulembera "inu" amaona ngati fomuyo ndi ya makolo ake, pomwe mnyamata wa zaka 17 wa ndevu zake "iwe" amamumva ngati kumuderera. Magulu ena amakonza mafomu a ana awiri, ya aang'ono ndi ya okulirapo, ndipo amayamba awerengera achinyamata angapo osakhala m'kafukufukuyo kuti amve pamene akupunthwa.

Koma lonjezo lolembedwa bwino lingakhale bodzabe ngati kumbuyo kwake kulibe munthu. Fomu ikati "udzaonana ndi namwino wa za maganizo tsiku lomwelo", wolembayo adzifunse kuti namwinoyo ndi uti, amagwira ntchito masiku ati, ndipo akapita kumaliro alowa m'malo ndani. Madokotala a zamaganizo m'Malawi ndi owerengeka, ndipo zipatala zodziwika pa ntchitoyi, monga Zomba Mental Hospital ndi St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, zili kutali ndi midzi yambiri. N'chifukwa chake gulu lanzeru silicheza ndi ana Lachisanu madzulo, kapena tsiku limene wachipatala wovomera kulandira anawo kulibe. Fomu inenenso amene adzalipire ulendo wa ku chipatala cha boma lalikulu ngati mwanayo watumizidwa kumeneko. Ngati mayankho amalembedwa pa pepala kapena pa tabuleti, wina awaone mwanayo asanachoke. Pepala lowerengedwa patapita milungu iwiri mu ofesi ya mumzinda silipulumutsa munthu. Ndipo ngati kafukufukuyo ndi wosalemba mayina n'komwe, fomu ivomereze poyera kuti ofufuza sadzatha kudziwa amene wayankha zotani, ndiye sadzatha kumulondola. Pamenepo mwana aliyense amapatsidwa kapepala kolembedwa kumene angapeze thandizo, kuphatikizapo nambala yaulere ya ana ya 116.

Zina zotsala ndi zimene zimapezeka pa fomu iliyonse: kucheza kutenga nthawi yaitali bwanji, mawu adzajambulidwa kapena ayi, ndalama yoyendera ndi ingati, nambala ya komiti yokadandaulako. Ziwiri zokha zimafuna kusamala mwapadera. Choyamba, kafukufuku si chithandizo, ndipo agogo asadinde chala poganiza kuti apeza dokotala wa mdzukulu wawo. Chachiwiri, mwana atha kudumpha funso kapena kusiya nthawi iliyonse osapereka chifukwa, koma ngati wanena kale chimodzi mwa zinthu zitatu zija, kusiya kafukufuku sikuimitsa thandizo. Izi zikapanda kulembedwa, mwana angaganize kuti akangoti "ndasiya" ndiye kuti nkhani yafafanizika.

Tsiku losaina, agogo amayamba, kenaka amatuluka kukakhala pa benchi panja. Mtsikanayo amatsala ndi wofufuza, amene samufunsa kuti "wamva?", poti yankho la funso limenelo limadziwika kale. Amamupempha kuti afotokoze m'mawu ake. "Tandiuza, ukandiuza kuti dzulo unalira usiku wonse, agogo ndiwauza?" Mtsikanayo akati ayi, wamva. "Nanga ukandiuza kuti wakonza zodzipha mawa, ndichita chiyani?" Akayankha kuti simuuza munthu chifukwa ndi chinsinsi, cholembera chimayamba chadikira, ndipo ndime ija imafotokozedwanso. Amauzidwanso kuti akakana, agogo sadzauzidwa kuti wakana ndi iye. Adzangomva kuti sanalowe m'kafukufukuyo.

Tinene kuti walowa, ndipo pa kucheza kwachiwiri wayankha "eya" pa funso lachinayi. Wofufuza amaimitsa mafunso. Amamukumbutsa zimene anawerenga limodzi tsiku lija, n'kumuuza kuti nthawi ija yakwana. Samusiya yekha. Namwino amabwera, amamuunika, ndipo amalemba naye limodzi dongosolo lodzitetezera, ngati lija anakonza Barbara Stanley ndi Gregory Brown: zizindikiro zimene iye amaziona zinthu zikayamba kuvuta, zimene zimamukhazika mtima pansi, anthu amene angawathamangire, ndi kuchotsa pakhomo zinthu zoopsa. Azakhali aja amaimbiridwa foni mtsikanayo ali pomwepo, ndipo amafunsidwa ngati akufuna kuyamba kulankhula yekha. Azakhaliwo amauzidwa za ngoziyo ndi zoyenera kuchita usiku umenewo. Za chibwenzi chimene anatchula pa kucheza koyamba sauzidwa. Kenaka ofufuza amalemba lipoti ku komiti m'masiku amene komitiyo inalamula. Mtsikanayo atha kukwiya, ndipo ambiri amakwiyadi, koma palibe chimene chachitika chimene sanachimve asanasaine.

Ngati kafukufukuyo ndi wotsatira anawo kwa zaka zitatu, mtsikanayu adzakwanitsa zaka 18 ali m'katimo. Chala chimene agogo anadinda chimathera pamenepo. Ofufuza amabwera ndi fomu yachitatu, ya munthu wamkulu, yolembedwa "inu", ndipo amamufunsanso ngati akufuna kupitiriza. Ndime ya malire a chinsinsi imakhalamobe, ndipo pa mzere wa munthu woti aitanidwe pa ngozi amalemba dzina limene iye akufuna tsopano, kaya ndi la azakhali omwe aja kapena la wina.